Lipoti: momwe tinakonzera kaundula wa mfundo za bodi za 2023 pa koparetivi ina ya alimi ku Mchinji

Ntchitoyi inandipeza mu Januwale 2024, mvula ili pakati. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama za magulu ang'onoang'ono pa Boma la Mchinji, ndipo amene anandiitana ndi a tcheya a koparetivi ina ya alimi a soya ndi mtedza cha ku Kamwendo. Odita anali atalemba kalata yoti akubwera, ndipo mwa zina anapempha mndandanda wa ndalama zonse zomwe bodi inavomereza m'chaka cha 2023, masiku ake, ndi malo omwe zinalembedwa. Mamembala nawonso anali atayamba kung'ung'udza za denga la nyumba yosungiramo zokolola. Ena ankati ladya K4.8 miliyoni, ena K9 miliyoni, ndipo a tcheya ankaopa kuti msonkhano waukulu wapachaka uthera pa nkhani imeneyi.

Atandikhazika mu ofesi, amayi omwe ndi mlembi wa bodi anatulutsa buku la hadikava lofiira, fayilo ya mapepala otayipa, ndi jumbo ya makotesheni ndi malisiti. Anati, "Zonse zili umu, achimwene, palibe chomwe tinabisa. Koma mukandifunsa kuti za malata tinamanga liti, ndiyenera kuyamba kuwerenga tsamba loyamba." Ananena zoona. Maminitsi analipo, olembedwa ndi dzanja labwino, ena m'Chichewa ena m'Chingerezi. Chomwe chinasowa ndi njira yoti munthu afunse funso limodzi n'kupeza yankho msanga.

Zomwe ndinapeza m'mabuku

Bodi ili ndi anthu 9, ndipo malamulo a koparetiviyo amati msonkhano umange mfundo pakhale anthu osachepera 5. M'chakacho anakumana ka 11, kawiri mwadzidzidzi. Ndisanatsegule laputopu ndinatenga pensulo n'kulemba manambala pa masamba onse a buku lija, chifukwa linalibe. Kenako ndinapatsa msonkhano uliwonse dzina lalifupi, kuyambira M01 wa mu Januwale mpaka M11 wa pa 16 Disembala. Mfundo iliyonse inatenga dzina la msonkhano wake ndi nambala yake: M07-3 ndi mfundo yachitatu ya msonkhano wachisanu ndi chiwiri. Chilembo cha M ndinachiika dala. Mukalemba 07-3 pokha mu Excel, imaganiza kuti ndi tsiku n'kusintha yokha.

Masiku awiri oyamba anathera powerenga basi, ndikuchonga m'mbali. Vuto lalikulu la maminitsi a magulu athu ndi loti zokambirana ndi zomanga zimalembedwa mosakanikirana. Mupeza ndime yonse ikufotokoza kuti abambo ena anadandaula za kutalika kwa midzi ya ku Mkanda, ena anati pagulidwe njinga yamoto ya mlangizi, msungichuma anati ingafune K5,000,000, ndiye ndimeyo n'kutha ndi mawu oti "onse anagwirizana kuti nkhaniyi ndi yofunika." Munthu wothamanga angalembe kuti bodi inavomereza K5,000,000. Sinavomereze. Masamba awiri kutsogolo, pa nkhani zina, mpomwe panalembedwa kuti za njinga zidikire kaye mpaka soya agulitsidwe, ndipo sizinabwerenso chaka chonse.

Choncho ndinadziikira lamulo: mzere wa mu kaundula umapatsidwa kwa chinthu chomwe bodi inagamula, kaya kuvomereza, kukana, kuimitsa kapena kutuma munthu. Maganizo a munthu mmodzi, ngakhale akhale a tcheya, salowa. Lipoti la manijala lomwe bodi inangolimva salowa. Zobwereza za pa gawo la nkhani zochokera m'maminitsi apitawo sizitenga mzere watsopano, pokhapokha ngati pamenepo pasinthidwa kanthu. Nkhani yogula masaka ndi sikelo inatchulidwa m'misonkhano itatu yotsatizana, ndalama yake ikubwerezedwa ulendo uliwonse, koma inagamulidwa kamodzi kokha mu Meyi. Nditamaliza ndinatsala ndi mizere 64, ndipo 38 mwa iyo inali ndi ndalama.

Mmene kaundula anaimira

Ndinasankha Excel chifukwa ndi yomwe kalaliki wawo amaidziwa, ndipo simafuna intaneti, yomwe ku ofesi kwawoko imabwera n'kupita. Tsamba ndi limodzi lokha la chaka chonse. Ena amakonda tsamba la mwezi uliwonse palokha, koma mukatero kufufuza ndi kuwonkhetsa kumavuta, chifukwa nkhani imodzi imamwazikana m'masamba anayi.

Makolamu oyamba ndi odziwikiratu: nambala ya mfundo, tsiku la msonkhano, gulu la nkhani, ndi mawu a chigamulo. Mawu a chigamulo ndinawakopera momwe alili m'buku, osawakometsa, ngakhale pomwe chiganizo chinali chopunduka. Ndikawakonza, mawawa munthu adzatsutsa kuti si zomwe anamanga, ndipo adzakhala akunena zoona. Ndemanga zanga zili ndi kolamu yakeyake kumapeto. Pambuyo pa mawu pamabwera ndalama, momwe mfundoyo ilili panopa, nambala ya mfundo yomwe ikusinthidwa ngati ilipo, tsamba la buku, wotumidwa, ndi nambala ya vocha yolipirira.

Za tsiku ndinenepo pang'ono, chifukwa mfundo imodzi imakhala ndi masiku atatu: tsiku lomwe bodi inagamula, tsiku lomwe maminitsi anavomerezedwa n'kusainidwa pa msonkhano wotsatira, ndi tsiku lomwe ndalama inatuluka. Pa mapepala otayipa, kalaliki ankalemba pamwamba tsiku lomwe watayipa, ndiye linali lachinayi losokoneza. Kolamu ya tsiku ndinaisungira tsiku logamula lokha. La kusaina linapita m'kolamu ina, ndipo pomwepo zinaoneka kuti maminitsi a misonkhano iwiri sanasainidwe konse.

Nkhani ya denga

Apa ndiye panali fupa la ntchito yonse, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane.

Pa 12 Ogasiti 2023, pa M07-3, bodi inalemba momveka bwino: yavomereza K4,800,000 yofolera nyumba yosungiramo zokolola, kuphatikiza matabwa, misomali ndi malata. Mu Seputembala kunatuluka K1,900,000 ya matabwa ndi misomali, vocha yake ilipo, lisiti lilipo. Malata anadikira chifukwa wogula soya anachedwa kulipira. Pa 9 Novembala kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pelesenti, dola yomwe inkagulitsidwa pa K1,180 n'kufika pa K1,700, ndipo wogulitsa malata anaimba foni kuti kotesheni yakale yatha ntchito. Mvula inali pafupi. Bodi inakumana mwadzidzidzi pa 18 Novembala, ndipo pa nkhaniyi mlembi analemba mzere umodzi wokha, M10-1: "Bodi yavomereza K4,200,000 ya malata."

Mzere umenewu ukhoza kuwerengedwa mwa njira zitatu. Wina angati K4,200,000 yalowa m'malo mwa K4,800,000, ndiye kuti denga lonse latsika mtengo, zomwe n'zosamveka pa nthawi yomwe zinthu zikukwera. Wina angati ndi yowonjezera, ndiye kuti zonse ndi K9,000,000, ndipo apa mpomwe panachokera mphekesera ya mamembala. Wachitatu angati ndi mtengo watsopano wa gawo lomwe linatsala: pa K4,800,000 panatuluka kale K1,900,000, panatsala K2,900,000 ya malata, ndipo yotsalayi ndi yomwe inakwera kufika pa K4,200,000. Mwa njira iyi denga lonse ndi K6,100,000.

Mtima wanga unapita pa njira yachitatu nthawi yomweyo, chifukwa kuchoka pa K2,900,000 kufika pa K4,200,000 ndi kukwera ndi pafupifupi 45 pelesenti, zomwe zikufanana ndi momwe kwacha inagwera. Koma wokonza kaundula saloledwa kulosera. Ndikanalemba K6,100,000 chifukwa choti masamu akundikomera, ndikanakhala ndamanga mfundo m'malo mwa bodi. Ndinakhuthula jumbo ija pa tebulo n'kuyamba kusanthula. Kotesheni ya mu Ogasiti inapezeka, yokhala ndi mizere itatu, mzere wa malata uli K2,900,000. Ya mu Novembala inapezeka itapindidwa m'kati mwa buku la malisiti, ili ndi dontho la tiyi pakona, ndipo inali ya malata okha, chiwerengero chofanana, geji yofanana, mtengo K4,200,000. Sitetimenti ya ku banki inaonetsa ndalama ziwiri zokha zopita kwa ogulitsa zomangira: K1,900,000 ndi K4,200,000. Panalibe K2,900,000 yomwe inatuluka payokha.

Ndinafunsanso anthu atatu omwe analipo pa msonkhano uja, aliyense payekha. Msungichuma, bambo wachikulire wosachedwa kupsa mtima, anandiyankha kuti, "Mwana wanga, tonse tinadziwa kuti tikunena za malata otsala aja. Ndani akanavomera kufolera kawiri?" Ndinawauza kuti ndikuwakhulupirira, koma odita sawerenga zomwe anthu ankadziwa m'mitima, amawerenga zomwe zili pa pepala. Ndinapempha a tcheya kuti nkhaniyi ilowe pa ajenda ya msonkhano woyamba wa 2024, bodi imange mfundo yofotokoza kuti M10-1 inalowa m'malo mwa K2,900,000 yotsala ya M07-3. Anatero. Maminitsi akale sitinawakhudze ngakhale ndi pensulo.

Nkhani imeneyi ndi yomwe inandiphunzitsa kuti kolamu imodzi ya ndalama siikwanira. Ndinaigawa pawiri. Yoyamba ndi ndalama yolembedwa, momwe ilili m'maminitsi, ndipo siisinthidwa mpaka kalekale. Yachiwiri ndi ndalama yogwira, kutanthauza gawo la chilolezo lomwe latsala litaima pambuyo pa kusintha kulikonse. M07-3 ili ndi K4,800,000 yolembedwa, K1,900,000 yogwira, ndipo yalembedwa kuti inasinthidwa. M10-1 ili ndi K4,200,000 mbali zonse ziwiri, ndipo m'kolamu yolozera muli M07-3. Munthu akasefa gulu la denga amaona mizere iwiri, ulusi wake, ndi chiwonkhetso cha K6,100,000. Mayesero omwe amabwera ndi ofuna kungofufuta K4,800,000 n'kulembapo nambala yatsopano kuti tsamba lioneke loyera. Mukatero mwataya umboni woti mu Ogasiti bodi inavomereza chiyani, ndipo vocha ya mu Seputembala imatsala yopanda kholo.

Panatsala kanthu kamodzi. Pa mavocha a denga panali K180,000 ya galimoto yomwe inanyamula malata kuchokera ku Lilongwe, ndipo m'maminitsi munalibe. Ndisanaichonge ngati yosavomerezeka ndinatsegula ndondomeko yawo ya zachuma, yomwe imalola manijala kulipira mpaka K200,000 popanda kudikira bodi. Inali mkati mwa malire. Ndinailemba m'ndemanga, osati ngati mfundo ya bodi, kuti wofunsa mtengo weniweni wa denga aone K6,280,000 n'kudziwa komwe kusiyanako kwachokera. Ndikunena izi chifukwa ndaonapo anthu akunyozedwa pa msonkhano chifukwa cha ndalama zomwe malamulo a gulu lawo lomwe amawalola kutulutsa.

Pomwe ndinalakwitsa ndekha

Nditalowetsa mizere yonse ndinayesa kusefa mwezi wa Ogasiti, ndipo panalibe chilichonse. Mfundo ya denga inapezeka pansi pa Disembala. Laputopu ya ku ofesi kwawo inatcheredwa mwa Chimereka, komwe mwezi umayamba tsiku n'kutsatira, ndiye 12/08/2023 inamveka ngati 8 Disembala. Msonkhano wa pa 4 Malichi unasamukira pa 3 Epulo. Koma 18/11/2023 sinasinthe, chifukwa kulibe mwezi wa nambala 18, ndiye Excel inangoisunga ngati mawu wamba, osati tsiku. Choopsa chake n'choti pa sikirini zonse zimaoneka bwinobwino. Chikanadutsa chonchi, kaundula akanaonetsa kuti matabwa analipiridwa mu Seputembala bodi isanavomereze, ndipo munthu wosalakwa akanayankha mlandu.

Chizindikiro choyamba ndi mbali yomwe zolembazo zatsamira. Tsiku lenileni ndi nambala yeniyeni zimatsamira kumanja, mawu wamba kumanzere. Kuti nditsimikize ndinaika makolamu awiri ongoyembekezera okhala ndi izi, tsiku lili pa kolamu B:

```
=ISNUMBER(B2)
=TEXT(B2,"dd mmm yyyy")
```

Yoyamba ikabweza FALSE ndiye kuti si tsiku. Yachiwiri imalemba mwezi ndi zilembo, ndiye kutembenuka kumaonekera poyera. Ndinalembanso masiku onse poyamba ndi chaka, monga `2023-08-12`, n'kutchera kolamu yonse kuti izionetsa `dd-mmm-yyyy`. Popeza misonkhano inali 11 yokha, ndinasefa tsiku lililonse n'kuliyerekeza ndi buku.

Ndalama nazo zili ndi msampha wofanana. Mukalemba K4,800,000 ndi chilembo cha K kutsogolo, kapena kulemba 4.8m, Excel siiwerenga ngati nambala, ndipo powonkhetsa imangoidumpha osanena kanthu. M'kolamu ya ndalama mumalowa manambala okhaokha, 4800000, ndipo mawu oti kwacha amakhala pa mutu wa kolamu.

Mfundo zopanda nambala yokwanira

Mizere ina inandivuta mwa njira ina. Bodi inagamula alawansi ya msonkhano ya K15,000 pa munthu, inagamulanso mtengo wogulira soya pa kilo. Iyi ndi mitengo, si ndalama zovomerezedwa kuti zituluke, ndipo kuziwonkhetsa pamodzi ndi za denga n'kusakaniza mbuzi ndi nkhuku. Ndinazisiya m'mawu a chigamulo, n'kuziika m'gulu la mitengo, kolamu ya ndalama n'kuisiya yopanda kanthu. Chimodzimodzi chilolezo chokatenga ngongole yogulira zokolola: ndi ndalama yolowa, ndiye ili ndi gulu lake lomwe sililowa m'chiwonkhetso cha zotuluka.

Panalinso mfundo zinayi zongoti "bodi yavomereza kukonza sikelo" kapena "kupenta ofesi" popanda kutchula ndalama. Kalaliki anafuna kuti tilembemo zomwe zinalipidwa, popeza mavocha analipo. Ndinakana. Zomwe zinalipidwa si zomwe zinavomerezedwa, ndipo cholinga chonse cha kaundula n'choti ziwirizi ziyerekezedwe. Sindinalembemo ziro, chifukwa ziro akutanthauza kuti bodi inati pasatuluke kanthu. Ndinasiya malo opanda kanthu, n'kulemba m'ndemanga kuti ndalama sinatchulidwe, vocha nambala yakuti ikuonetsa zakuti.

Msonkhano wa mu Okutobala, M09, unali ndi anthu 4 okha pa mndandanda wa opezekapo. Anthu anali kumaliro. Komabe anakambirana n'kuvomereza K2,400,000 yogulira mbewu ya mtedza. Potengera malamulo awo, chiwerengero sichinakwane, ndiye mfundoyo sinaime. Mwamwayi wina anazindikira, ndipo pa 18 Novembala anaivomerezanso anthu atakwana. Mu kaundula mizere yonse iwiri ilimo, koma ndalama yogwira ili pa wa mu Novembala wokha. Cheke cha mbewu chinatuluka pa 30 Okutobala, pakati pa misonkhano iwiriyi, ndipo izi ndinazilemba momwe zilili. Si ntchito yanga kuzibisa kapena kuzikulitsa. Ndinawauza a tcheya pamaso kuti odita adzafunsa, akonzeke kuyankha zoona.

Zogamula za pa WhatsApp zinalipo ziwiri, nthawi yogula zokolola, pomwe a tcheya anafunsa pa gulu la bodi anthu n'kuyankha ndi zala zoimika. Malamulo awo satchula njira imeneyi. Ndinapatsa mzere mfundo imodzi yokha, yomwe msonkhano wotsatira unaitsimikiza m'maminitsi, ndipo tsiku lake ndi la msonkhanowo. Inayo ndinaiika pa mndandanda wa zofunika kuti bodi iziunike.

Kuti munthu apeze chomwe akufuna

Kufufuza ndi `Ctrl+F` kumapeza zilembo zokha zomwe mwalemba. Nkhani ya denga m'maminitsi inkatchedwa malata apa, kufolera apo, ndipo m'masamba a Chingerezi inali ndi mawu enanso. Wofufuza mawu amodzi akanapeza theka. N'chifukwa chake kolamu ya gulu ndi yofunika kuposa momwe imaonekera. Tinakhala pansi ndi mlembi n'kugwirizana magulu 9, pogwiritsa ntchito mawu omwe mamembala amanena okha, ndipo ndinawatsekera pa `Data > Data Validation > List` kuti wolemba azingosankha, asamatayipe. Popanda zimenezi, pakatha miyezi itatu mupeza Denga, denga lokhala ndi mpata kumapeto, ndi Madenga, ndipo chiwonkhetso chidzagawika patatu. Ndinachitanso chimodzimodzi pa kolamu ya momwe mfundo ilili, yomwe ili ndi mawu asanu okha: Ikugwira, Inasinthidwa, Inaimitsidwa, Inakanidwa, Sinaime.

Zosefera zimayatsidwa ndi `Ctrl+Shift+L`. Chiwonkhetso cha gulu limodzi chimachokera pa kolamu ya ndalama yogwira, yomwe kwa ife ndi F, ndipo gulu lili pa C:

```
=SUMIFS(F:F,C:C,"Denga")
```

Ndinayesa kaundula ndi mafunso enieni, osati anga. Ndinapempha mlembi, msungichuma ndi membala mmodzi wa komiti yoyang'anira kuti aliyense abwere ndi mafunso atatu omwe anafunsidwapo ndi mamembala. Kalaliki ndiye anakhala pa laputopu, ine manja kumbuyo. Mafunso 8 anayankhidwa msanga. Lachisanu ndi chinayi linali loti ndani anatsutsa mfundo ya ngongole, ndipo kaundula sakanayankha chifukwa maminitsi sanalembe mavoti. Kaundula sangadziwe zoposa buku lomwe wachokeramo.

Chitsimikizo chomaliza tinachita awiriawiri. Mlembi ankawerenga buku mokweza, ine ndikutsata pa sikirini, mzere ndi mzere, ndipo tinagwira zolakwika zitatu, chimodzi chinali ziro yemwe ndinamuiwala pa K750,000. Kenako tinayenda mobwerera: tinatenga malipiro onse opitirira K200,000 pa sitetimenti ya ku banki n'kufunafuna mfundo yake. Njira yobwererayi ndi yomwe imagwira zomwe zinasiyidwa, chifukwa kuwerenga kuchokera m'buku kumangotsimikiza zomwe mwalemba kale.

Zotsatira

Ndalama zolembedwa za zotuluka zinakwana K61,350,000. Zogwira zinakwana K51,050,000. Kusiyana kwa K10,300,000 kunafotokozeka konse ndi mizere itatu: K2,900,000 ya malata yomwe inalowedwa m'malo, K2,400,000 ya mbewu yomwe inavomerezedwa kawiri, ndi K5,000,000 ya njinga yamoto yomwe inaimitsidwa. Ndikanangowonkhetsa nambala iliyonse yomwe yaoneka m'buku, odita akanalandira chithunzi choti bodi inavomereza K10 miliyoni yomwe siikuoneka komwe inapita.

Mizere iwiri inali yokhudza kusasunga mwambo kwa wogwira ntchito wina. Mu kope lomwe mamembala amaloledwa kuona ndinangolemba kuti nkhani ya wogwira ntchito, onani tsamba lakuti, dzina ndi chifukwa n'kuzisiya m'buku lomwe limatsekeredwa m'kabati. Kope lomweli tinalisindikiza litasanjidwa kawiri, potsata tsiku ndi potsata gulu, chifukwa mamembala ambiri a bodi sagwira kompyuta ndipo magetsi sadalirika. Fayilo ili pa laputopu ya ku ofesi, pa fulashi yomwe amasunga msungichuma, ndi pa imelo ya koparetivi. Pamwamba pa tsamba ndinalemba kuti kaundulayu ndi cholozera chabe, pakakhala kusiyana maminitsi osainidwa ndi omwe amatsatidwa.

Pamodzi ndi kaundula ndinapereka pepala limodzi la zotsala: maminitsi awiri osasainidwa, mfundo zinayi zopanda ndalama, chigamulo chimodzi cha pa WhatsApp chosatsimikizidwa, ndi cheke cha mbewu. Ndinapemphanso kusintha kumodzi pa kalembedwe: kumapeto kwa nkhani iliyonse mlembi azilemba mzere woyamba ndi mawu oti "Bodi yagamula kuti", wokhala ndi chinthucho, ndalama m'manambala ndi m'mawu, wotumidwa, ndipo ngati ikusintha mfundo yakale aitchule nambala yake n'kunena ngati ikuwonjezera kapena kulowa m'malo. Aziuwerenga mokweza anthu asanapite pa nkhani ina.

Ntchito yonse inanditengera masiku 6, atatu mwa iwo pa denga ndi masiku otembenuka aja. Mu Epulo ndinadutsako ndikuchokera ku Kapiri. Kalaliki anali atalowetsa kale mizere 14 ya 2024 pa tsamba latsopano, ndipo umodzi unali ndi ndalama yolembedwa ndi chilembo cha K kutsogolo. Tinaukonza limodzi, ndipo ndinatchera kolamuyo pa `Data Validation` kuti izikana chilichonse chomwe si nambala.